Mmene mungalembere uthenga woyamba kwa mnzanu wa paubwana amene munatayana naye kalekale

Ine ndinakulira ku Balaka, kufupi ndi njanji. Nyumba yachitatu kuchokera pathu munkakhala mnzanga amene tinkakhoma naye magalimoto a mawaya, ndipo tinakhala pa desiki imodzi mpaka tinalemba mayeso a sitandade 8 mu 1998. Chaka chomwecho bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anasamutsidwira ku Kasungu. Tinalemberana makalata awiri kudzera pa keyala ya sukulu, kenako zii. Nambala yake ndinadzaipeza mu 2022, patatha zaka 24, iye ali ku Joni. Chifukwa cha chimwemwe ndinalemba nthawi yomweyo kuti, "Bho? Ukundikumbuka?" Uthengawo anauwerenga koma sanayankhe. Pambuyo pake, titayambiranso kucheza, anandiuza kuti anaganiza kuti ndi anthu akuba pa foni.

Zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira pokonza cholakwa chimenecho. Inu mwakhala mukumuganizira mnzanuyo kwa masiku kapena miyezi, koma iye uthenga wanu ukumupeza mwadzidzidzi, ali pa ntchito kapena mu minibasi, kuchokera pa nambala yomwe sakuidziwa. Mumtima mwake mubwera mafunso awiri: ameneyu ndani, nanga akufuna chiyani? Uthenga woyamba uyankhe mafunso awiriwa iye asanafunse. Nkhani zina zonse zibwera pambuyo.

Choyamba: dziuzeni zoona pa chimene mukufuna

Musanagwire foni, dzifunseni chifukwa chake mukumufuna munthuyu lero. Ngati mwangomusowa, kapena mwaona chithunzi chakale mtima n'kukumbuka, palibe chovuta. Koma ngati mwamva kuti zake zinayenda, ali ndi shopu ku Lilongwe kapena ali kunja, ndipo mukufuna akupezereni ntchito kapena akubwerekeni ndalama, musaphimbe pempholo ndi chibwenzi cha paubwana. Anthu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande amalandira mauthenga otere kawirikawiri: moni lero, kukumbutsana zakale mawa, mkuja nkhani ya fizi kapena feteleza. Anazolowera moti akangoona moni wa munthu wakale amayamba kudikira pempholo. Ngati muli ndi vuto lenileni, ndi bwino kulinena poyera ngati pempho, podziwa kuti akhoza kukana. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene akufuna mnzakeyo basi.

Chachiwiri: mupezeni, ndipo tsimikizani kuti ndi iyeyo

Njira yachidule imaoneka ngati kulemba dzina lake pa Facebook, koma imasocheretsa. A Banda ndi a Phiri ndi ambirimbiri, ndipo dzina limene munkamudziwa nalo mwina si limene akugwiritsa ntchito lero. Mtsikana amene munkasewera naye fulaye anakwatiwa ndipo akudziwika ndi dzina la kwa amuna ake. Wina anasintha dzina pobwereza sitandade 8. Wina kusukulu ankalembetsa dzina la amalume ake amene ankamulipirira. Choncho musamangofufuza dzina lake lokha. Fufuzani azichimwene ndi azichemwali ake, muone m'ndandanda wa anzawo. Onani magulu a WhatsApp a anthu amene anaphunzira sukulu imodzi, kapena a kumpingo kumene makolo ake ankapemphera. Kumpingo ndi kumudzi anthu sataya mbiri ya banja, ngakhale banjalo litasamuka kalekale.

Mukapatsidwa nambala, funsani kuti ndi ya liti. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imatha kuipereka kwa munthu wina, ndipo anthu ambiri anasintha manambala pa nthawi ya kalembera wa masimu khadi mu 2018. Nambala imene wina anaisunga zaka khumi zapitazo ikhoza kukhala ya mlendo. Isungeni mu foni yanu, mutsegule WhatsApp, muone chithunzi ndi dzina limene likuoneka. Ngati ili ya kunja, ilembeni ndi nambala ya dziko: +27 ya ku South Africa, +260 ya ku Zambia, +258 ya ku Mozambique, +44 ya ku Britain, n'kuchotsa 0 woyambirira.

Pali chinthu china chofunika kuposa nambalayo, chimene ine ndinachidumpha ulendo woyamba. Munthu amene akukupatsani nambalayo mufunseni mafunso awiri kapena atatu: makolo ake alipo? Ali pabanja? Palibe chovuta chimene chamugwera posachedwa? Zaka makumi awiri ndi zambiri. M'zaka zimenezo mabanja ambiri aika maliro, maukwati atha, ena anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mukadziwiratu, simudzalemba mosangalala kuti "apatseni moni amayi" kwa munthu amene anaika amayi ake chaka chatha.

Kenako mupempheni mkhalapakatiyo kuti amudziwitse mnzanuyo: "Uje wa kwa aphunzitsi uja akukufuna, ndimupatse nambala yako?" Kwathu kuno mlendo salowa m'nyumba osaodira, ndipo pa foni ndi chimodzimodzi. Ulendo wachiwiri ine ndinadzera kwa mchemwali wake wa mnzangayo, amene ndinamupeza kudzera kwa mayi wina wa kumpingo ku Balaka. Iye ndiye anamuuza kuti nambala ija inali yanga.

Chachitatu: konzani mbali yanu

Izi n'zachangu. Ikani chithunzi chooneka nkhope yanu, osati maluwa, galimoto kapena chizindikiro cha timu ya mpira. Pa WhatsApp, ngati pa Settings, Privacy, Profile photo munasankha My contacts, mnzanuyo aona chithunzicho pokhapokha mutasunga nambala yake mu foni yanu, ndiye isungeni musanalembe. Dzina lanu pamenepo likhale lenileni, chifukwa uthenga ukachokera pa nambala yachilendo, WhatsApp imamuikira batani la Block pafupi pomwepo. Pa Facebook, uthenga wopita kwa munthu amene simuli naye pa ubwenzi umakagwera ku Message requests, kumene anthu ambiri sayang'anako. Kumeneko uthenga ukhoza kugona chaka chathunthu, inu n'kumaganiza kuti akukunyozani.

Chachinayi: "iwe" kapena "inu"?

Apa ndi pamene ambiri timaima, chala chili m'mwamba. Munthuyu munkamutchula "iwe", munkadyera m'mbale imodzi, munkalimbirana chipsereza cha nsima. Koma lero ndi bambo wa ana anayi, kapena mayi amene kwawo amamutchula Nabanda kapena make uje, mwinanso ndi m'busa, mphunzitsi wamkulu kapena nyakwawa. Mukayamba ndi "iwe" akhoza kumva ngati mwamupeputsa, makamaka ngati sanakuzindikireni. Mukalemba "inu" wouma ngati kalata ya ku ofesi, ubwana wonse uja umazimirira.

Ine ndimati yambani ndi "inu", koma muike mawu a chibale amene amafewetsa: achimwene, amwene, achemwali, asisi. Dzina lake la masewera mulitchule kamodzi, monga chokumbutsa, osati monga moni. Mukhoza kunena kuti, "amene tinkakutchulani kuti uje." Mukatero mwamupatsa ulemu wa msinkhu wake, komanso mwamusiyira mpata woti iye mwini atsike n'kunena kuti "iwe". Nthawi zambiri amatsika pa yankho loyamba lomwelo. Kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe" n'kosavuta ndipo kumakoma. Kuchoka pa "iwe" kubwerera pa "inu" chifukwa mnzanu wakuyankhani mwaulemu wozizira kumachititsa manyazi.

Samalani ndi maina a masewera. Ena mwa maina amene tinkapatsana anali onyoza: onena za mutu, za mano, za kukodza pogona, za umphawi wa pakhomo pawo. Inu munkaseka, iye mwina ankalira akafika kunyumba. Ngati dzinalo linali la mtundu umenewo, lisiyeni, ngakhale litakhala loti angakuzindikireni nalo msanga.

Ngati ndinu mwamuna ndipo mukulembera mkazi, kapena ndinu mkazi mukulembera mwamuna, "inu" ndi wokakamiza. Lembani uthenga woti mwamuna wake kapena mkazi wake atauwerenga asapeze chokayikitsa, chifukwa m'mabanja ambiri foni imagwiridwa ndi onse. Tchulani banja lanu, perekani moni kwa a kunyumba kwake, ndipo mawu ngati "ndakusowa kwambiri" kapena "sunasinthe, ukadali wokongola" asapezekemo. Si bwino kuti moni wanu ayambitse mlandu m'nyumba ya eni.

Chachisanu: lembani uthengawo

Uthenga wabwino uli ndi zinthu zinayi: ndinu ndani, chokumbutsa chimodzi chimene wakuba sangachidziwe, kumene mwapeza nambala ndi chifukwa cholembera, ndiponso funso limodzi losavuta kuyankha. Utalike moti uoneke wonse pa foni popanda kutsitsa. Nawu umene ine ndinatumiza ulendo wachiwiri, maina okha ndachotsa:

"Mwaswera bwanji achimwene. Ndine uje, mwana wa aphunzitsi aja a ku Balaka, tinkakhala nyumba ya pafupi ndi mtengo wa bwemba, cha kunjanji. Tinali limodzi mpaka sitandade 8 mu 1998, ife tisanasamukire ku Kasungu. Ndine uja tinakhoma naye basi ya mawaya ya matayala a zitsekerero, imene inapondedwa ndi ngolo tsiku lomwelo. Nambala yanu anditsimikizira ndi achemwali anu. Ndine ndemwe ndinalemba mu Epulo osadzitchula dzina, pepani. Palibe vuto lililonse, ndangokukumbukani ndipo ndimafuna kudziwa ngati muli bwino. Ine ndili ku Lilongwe, ndili pabanja, ana awiri. Mukapeza mpata mundiyankhe, palibe changu. Kodi kumeneko muli mzinda uti?"

Taonani mmene ndinadzitchulira. Sindinangonena dzina langa, chifukwa dzina lokha patatha zaka 24 silikwana. Paubwana sitinkadziwana ndi maina a pa chitupa. Tinkadziwana kuti uyu ndi mwana wa aphunzitsi, uyu wa kwa apolisi, uyu wa kuchigayo, uyu mng'ono wake wa uje. Dzitchuleni mmene anthu a pamalopo ankakudziwirani, muonjezere malo ndi chaka.

Chokumbutsa chija ndicho mtima wa uthenga wonse, ndipo chisankheni mofatsa. "Tinkasewera limodzi" aliyense akhoza kulemba. Chofunika ndi kanthu kakang'ono kamene inu awiri nokha mukukadziwa: basi ya mawaya ija, tsiku limene munathawa mvula n'kukabisala m'kalasi yopanda chitseko, mbatata imene munaotcha pa masanje n'kupserera, mpira wachikulunga umene unagwera m'munda mwa agogo aukali. Kanthu kotere kamagwira ntchito ziwiri. Kamatsimikiza kuti ndinudi, chifukwa wakuba pa foni akhoza kudziwa dzina ndi mudzi koma sangadziwe za basi yopondedwa ndi ngolo. Komanso kamamubwezera munthuyo pamalo paja, amve fungo la fumbi lake, asanaganize zoti ayankhe chiyani. Sankhani chokumbutsa chimene nonse munasangalala nacho kapena munavutikira limodzi. Tsiku limene iye anakwapulidwa pa asembule, kapena limene analephera mayeso inu n'kukhoza, si loyambira. Ndipo chikhale chimodzi. Mukathira zonse mu uthenga woyamba, mudzasowa zokamba mawa.

Mawu oti "palibe vuto lililonse" musawaiwale. Kwathu munthu wakale akangotulukira mwadzidzidzi, maganizo amathamangira ku maliro kapena ku pempho. Muchotseni nkhawa imeneyo msanga. Kunena amene wakupatsani nambala kumathandizanso, chifukwa akhoza kumuimbira n'kutsimikiza.

Za inu nokha nenani pang'ono: kumene muli, ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri. Apa pamafunika nzeru, chifukwa simukudziwa mmene moyo wamuyendera. Mwina inu munasankhidwa kupita ku sekondale, iye anatsala. Mukayamba kundandalika madigiri, galimoto ndi nyumba imene mukumanga, amene zake sizinayende adzangowerenga n'kukhala chete chifukwa cha manyazi. Chimodzimodzinso musayambe ndi kudandaula za mavuto anu, chifukwa adzaona ngati ndi chiyambi cha pempho.

Funso lomaliza likhale lopepuka, loti akhoza kuliyankha ndi mawu atatu ali chiimire. "Muli mzinda uti?" kapena "Kodi ku Balaka mumapitako?" Mafunso ngati "Ukugwira ntchito yanji?", "Unakwatiwa?", "Ana angati?" amaoneka wamba koma amabaya munthu amene ntchito inamuthera, amene banja linatha, kapena amene sanaone mwana. Zimenezo adzanena yekha akafuna. Ndipo "Tandiuza zonse zimene zachitika" ndi katundu wolemera, munthu amati ndiyankha ndikapeza nthawi, nthawiyo osapezeka.

Zoyenera kusiya

Musamuyese mayeso. "Taganiza ndine ndani" ndi "Ukundikumbuka?" ndi mawu amene akuba amayambira, kuti munthu atchule yekha dzina la m'bale wake iwo n'kuvomera kuti ndi yemweyo. Komanso ngati sakukukumbukani mwamuika pa manyazi. Musamudzudzule: "unatitaya", "a ku Joni mumatero mukalemera", "ngakhale moni". Pocheza pamaso mawu amenewa amanenedwa moseka, koma olembedwa alibe nkhope, amamveka ngati mlandu, ndipo kutayana kunali kwa nonse awiri. Musatumize "Moni" yekha n'kumadikira kuti ayankhe kaye. Musamulowetse mu gulu la WhatsApp la anzanu akale asanavomere. Musatumize ulalo uliwonse woti atsegule, chifukwa umenewo ndiwo umaoneka wakuba kuposa zonse.

Ngati munasiyana pa mkangano, kapena munamulakwira, mwina munatenga chinthu chake osabweza kapena munamunenera bodza kwa aphunzitsi, musachite ngati palibe chinachitika, koma musalembenso tsamba lonse lodzifotokozera. Chiganizo chimodzi chikwana: "Ndikudziwa kuti sitinasiyane bwino, ndipo mbali yanga ndinalakwa, pepani." Osaonjezera "koma nawenso". Zotsalazo mudzakamba ngati iye atsegula nkhaniyo.

Chachisanu ndi chimodzi: nthawi ndi njira yotumizira

Lembani uthengawo penapake kaye, muuwerenge mokweza, kenako muutumize wonse pamodzi, osati m'tizidutswa khumi tolira motsatizana. Tumizani masana kapena chakumadzulo anthu ataweruka, kapena Loweruka ndi Lamlungu masana. Usiku kwambiri ayi, makamaka kwa munthu wa pabanja. Nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, koma ku Britain ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Mukaona kuti mwalakwitsa dzina kapena chaka, WhatsApp imalola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15.

Kuimba foni poyamba sindikulimbikitsa. Kumamukakamiza munthu kuti akukumbukeni pomwepo, ali pakati pa anthu, ndipo mukhoza kumva akuti "ndani?" katatu, mtima wanu n'kugwa. Kufulasha ndiye ayi ndithu. Uthenga wa mawu ndi wabwino kwambiri, koma ukhale wachiwiri, akayankha, chifukwa anthu ambiri satsegula mawu ochokera pa nambala yachilendo. Pokhapokha ngati mukudziwa kuti mnzanuyo kuwerenga kumamuvuta: pamenepo mkhalapakati amuuziretu, inu mutumize mawu osapitirira mphindi imodzi, oyamba ndi dzina lanu ndi kwanu. Ngati muli ndi chithunzi chakale cha nonse awiri, kapena cha sukulu yanu ija, chimodzi chokha chikhoza kutsagana ndi uthengawo.

Chachisanu ndi chiwiri: kudikira

Apa ndi povuta kuposa kulemba. Kachizindikiro kochonga kamodzi kakutanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike pa foni yake. Mwina alibe bandulo, foni yazima chifukwa cha magetsi, ali kumudzi kopanda netiweki, kapena nambalayo anaisiya. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika. Tiwiri tobiriwira ngati thambo ndiye kuti watsegulidwa, koma ena anazimitsa Read receipts, moti amawerenga popanda inu kudziwa. Musamangire nkhani pa tizizindikiro timeneti. Kamodzi kakakhala sabata yathunthu, bwererani kwa amene anakupatsani nambala mukafunse ngati ilipo ina.

Ngati wawerenga koma sanayankhe, mupatseni sabata ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amafuna nthawi yoti akumbukire, afunse mchemwali wake, kapena apeze mawu. Ena ubwana wawo unali wowawa, wa njala, wa umasiye, wa nkhanza pakhomo, ndipo inu mwabwera nazo zonsezo ngakhale simunalakwe kanthu. Pakatha sabata ziwirizo mukhoza kutumiza uthenga umodzi wokha waufupi: "Achimwene, ndimangoti nditsimikize ngati uthenga uja unafika. Nambala yanga ndi yomweyi, tsiku lililonse mungafune." Mukatero siyani. Osatumiza zizindikiro za mafunso, osaimba kasanu, osatuma abale kuti akamufunse chifukwa chake sakuyankha. Munthu ali ndi ufulu wosabwerera kumene anachoka, ndipo uthenga wanu ukhalabe mu foni yake. Ena amadzayankha patatha miyezi.

Chachisanu ndi chitatu: akayankha

Mnzanga anayankha patatha masiku atatu. Analemba kuti, "Iwe! Basi ija unaiika pamsewu ndiwe." Ndi mawu amenewo "inu" anathera pomwepo. Yankho lanu lifanane ndi lake kutalika kwake ndi kutentha kwake. Akalemba mizere iwiri, musabweze masamba atatu. Akakhalabe pa "inu", khalani pomwepo, musamukokere pansi.

Inunso tsimikizani kuti amene akuyankhayo ndi mnzanudi. Ngati akungovomera zonse koma sakuonjezera kanthu kake, mufunseni mocheza chinthu chimene simunatchule, monga dzina la aphunzitsi a sitandade 5 kapena mtsinje umene munkasambako. Akayamba kupempha kuti mumutumizire ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, musatumize musanamve mawu ake kapena kumuona pa vidiyo, ndiponso musanafunse m'bale wake. Nambala ikhoza kukhala m'manja mwa munthu wina.

Nkhani ya omwalira idzabwera ndithu. Kwa ine inabwera tsiku lachiwiri. Mchemwali wake anali atandiuza kale kuti amayi awo anatisiya, choncho sindinafunse ngati sindikudziwa. Ndinalemba kuti, "Ndinamva za amayi, pepa kwambiri. Sindinadziwe pa nthawi yake. Ndimakumbukira mmene ankatigawira zitumbuwa zotsala akabwera kumsika." Anakhala kanthawi osayankha, kenako anatumiza uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Ngati simunadziwiretu, funsani mosatchula munthu: "Kunyumba kuli bwanji?" Iye adzasankha zoti anene. Akakuuzani za maliro, ngakhale a zaka khumi zapitazo, pepesani monga mwa mwambo, musadumphire nkhani ina. Ndipo ngati muli ndi kanthu kabwino kamene mukukumbukira za malemuwo, kaneneni, chifukwa anthu amene anawadziwa makolo ake ali amphamvu atsala ochepa.

Pakatha masiku angapo mukulemberana, pemphani nthawi yoimbirana: "Lamlungu madzulo ndingakuimbire?" Amene wayambitsa ndiye aimbe, mayunitsi kapena bandulo ikhale yake. Za ndalama, bizinesi, ndale ndi kukopana mipingo zisalowe m'masabata oyambirira. Dziwaninso kuti nkhani zakale zimatha. Mukamaliza kufunsana za aphunzitsi onse ndi anzanu onse a m'kalasi, pamabwera kachetechete, ndipo ubwenzi wambiri woyambiranso umafera pamenepo. Kuti upitirire pamafunika za lero: mwana wake akalemba mayeso, mufunse mmene zayendera, akati akudwala, mufunsenso mkuja. Mukaona kuti ndinu nokha amene mumayambitsa nthawi zonse ndipo mayankho ndi a liwu limodzi, chepetsani, muzingopatsana moni pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano. Zimenezonso si zochepa poyerekeza ndi zii wa zaka makumi awiri.

Mukafika pokumana, koyamba kakhale kwa nthawi yochepa, masana, pamalo poti aliyense akhoza kunyamuka momasuka, ndipo woitana ndiye alipire. Ngati mukupita kwawo, musapite chimanjamanja, shuga ndi buledi zikwana, ndipo mukapereke moni kwa akuluakulu amene alipo musanakhale pansi ndi mnzanuyo. Ife tinakumana mu Disembala chaka chomwecho, atabwera kudzaona abale. Ndinakwera basi m'mawa kuchoka ku Lilongwe, iye anandidikira pa depoti ku Balaka, ndipo tinayenda wapansi kukaona ngati mtengo wa bwemba uja ukadalipo.